Njoka m'Nthano za Anthu Akale: Cizindikiro ca Imfa ndi ca Moyo

Tikaona njoka pabwalo, ambiri a ife timathamangira ndodo kapena mwala. Koma tikapita kucipatala timapeza njoka yomweyo yojambulidwa pa ambulansi, itazenga ndodo, ndipo palibe amene amathawa. M'Baibulo namonso, njoka ndiyo inanyenga Hava m'munda wa Edene, komanso njoka yamkuwa ndiyo imene Mose anakweza m'cipululu kuti olumidwa aiyang'ane ndi kukhala ndi moyo. Nyama imodzi yanyamula matanthauzo awiri otsutsana, ndipo zakhala tero kwa zaka masauzande m'maiko otalikirana.

M'nkhani ino tifotokoza kumene matanthauzo awiriwa anacokera. Tiyamba ndi njoka yeniyeni, kenaka tiona nthano za ku Mesopotamiya, ku Aigupto ndi ku Girisi, tizilinganize ndi zimene Malemba anena, ndipo titsiriza ndi njoka za m'nthano za kwathu kuno. Liu lakuti nthano tikuligwiritsa nchito kunena nkhani zimene mtundu wa anthu unali kusimba pofuna kumasulira ciyambi ca zinthu zikulu-zikulu monga imfa, matenda ndi mvula.

Zimene anthu anaona pa njoka

Zinthu ziwiri zimene njoka imacita ndizo gwero la matanthauzo ake ambiri. Coyamba ndi ululu. Mkango ukapha munthu, aliyense amaona mano, zikhadabo ndi mabala akulu. Koma mphiri imagona phee m'masamba ouma, imaluma kamodzi, nisiya timabowo tiwiri cabe, ndipo mwendo wonse umatupa. Kwa anthu akale, imfa yolowera pa kabala kakang'ono cotere inali yodabwitsa. Ndiye njoka inakhala cizindikiro ca ngozi yobisika, ya cinyengo, ndi ya mdani wobwera mwakacetecete.

Caciwiri ndi kufundula. Khungu lakunja la njoka silikula pamodzi ndi thupi, motero imalivula kangapo pa caka, ndipo njoka zazing'ono zimene zikali kukula zimafundula kawiri-kawiri kuposa zikulu-zikulu. Nthawi ikayandikira, thupi limacita mbuu, maso amacita ngati nkhungu, ndipo njokayo imabisala osafuna kudya. Patapita masiku imakhuza mlomo pa mwala kapena pa mtengo mpaka khungu litang'ambika, kenaka imakwawa kuturukamo, khungulo n'kutsala lotembenuzika monga sokosi imene munthu wavula mofulumira. Imene inali kuoneka yokalamba ndi yodwala ituruka yowala ngati yatsopano.

Ife lero tidziwa kuti kufundula sikubweza zaka m'mbuyo. Njoka imakalamba ndi kufa monga nyama zina zonse. Koma munthu wopeza khungu lathunthu m'munda, lokhala ndi mamba onse mpaka a pamaso, mwini wake atapita wamoyo, anali ndi cifukwa coganizira kuti nyama iyi idziwa cinsinsi cothawira imfa. Cinenero ca Agiriki cinasunga ganizo limeneli: liu lao lakuti geras limatanthauza ukalamba, komanso ndilo dzina la khungu limene njoka yafundula. Kwa iwo, njoka inali kuvula ukalamba weniweniwo.

Pali zina zing'ono-zing'ono zimene zinaonjezera. Njoka ilibe zikope, ndiye siphethira, ndipo imaoneka ngati mlonda wosagona. Imakhala m'mauna, m'zulu ndi pafupi ndi madzi, kumene anthu ambiri anali kukhulupirira kuti ndi kwao kwa akufa ndi mizimu. Koma ululu ndi kufundula ndiyo mizu iwiri imene tiilondole.

Njoka imene inatenga moyo wosatha

Imodzi mwa nkhani zakale kwambiri zolembedwa ndi ya Giligameshi, mfumu ya mzinda wa Uruki, m'dziko limene lero ndi Iraki. Inalembedwa pa mapale adothi. Mapale odziwika kwambiri anapezeka m'mabwinja a Nineve, mzinda womwe uja wa m'buku la Yona, m'nyumba yosungiramo zolembedwa ya mfumu Asuribanipali. Mu 1872 George Smith, wogwira nchito ku nyumba yosungiramo zakale ku London, anawerenga phale la nambala 11 napezamo nkhani ya cigumula. Pa phale lomwelo ndi pamene pali nkhani ya njoka.

Nkhaniyo iyenda motere. Bwenzi la Giligameshi, dzina lake Enkidu, linamwalira, ndipo mfumuyo inagwidwa ndi mantha podziwa kuti nayonso idzafa. Inayenda ulendo wautali kukafuna Utinapishitimu, munthu amene anapulumuka cigumula napatsidwa moyo wosatha. Iyeyu anaiuza za comera caminga cimene cimamera pansi pa nyanja, cokhala ndi mphamvu yobwezera nkhalamba ku unyamata. Giligameshi anamanga miyala yolemera kumapazi kwake, namira, nazula comeraco ngakhale cinamulasa m'manja. Sanacidye pomwepo. Anaganiza zopita naco kwao kuti akayambe wayesa pa nkhalamba ina. Ali m'njira anapeza dziwe la madzi ozizira, natsikira kukasamba. Njoka inamva fungo la comeraco, inabwera mwakacetecete n'kucitenga, ndipo pocoka inafundula khungu lake. Mfumu inakhala pansi ndi kulira.

Nthano iyi iyankha mafunso awiri nthawi imodzi: cifukwa cake munthu amafa, ndi cifukwa cake njoka imafundula. Moyo umene unayenera kukhala wa munthu unagwera kwa njoka. Tione kuti njoka ya m'nkhaniyi silankhula, sinyenga, ndipo silangidwa. Ingocita zimene nyama imacita, ndipo munthu ataya mwayi wake kamba kosiya cinthu camtengo wapatali pamtunda.

Ganizo lofananalo lipezeka pafupi ndi ife. James Frazer, m'buku lake la mu 1918 lonena za nthano zofanana ndi nkhani za m'Cipangano Cakale, analemba nthano ya Afipa, amene akhala kum'mawa kwa nyanja ya Tanganyika, pafupi ndi malire a Zambia ndi Tanzania. Akuti tsiku lina Leza anatsika nafunsa zamoyo zonse kuti ndani safuna kufa. Munthu ndi nyama zina anali m'tulo. Njoka yokha ndiyo inali maso, ndipo inayankha. N'cifukwa cake, ikutero nthanoyo, munthu amafa koma njoka imangosintha khungu, ndipo siifa pokhapokha wina ataipha. Palibe umboni wakuti Afipa anamva za Giligameshi. Anthu otalikirana anaona khungu lofanana m'thengo, nafika pa maganizo ofanana.

Njoka ya m'munda wa Edene

Tikabwera ku Genesis 3 tipeza zinthu zina zimene taziona kale: pali njoka, pali mtengo wa moyo, ndipo pamapeto munthu atsekeredwa njira ya ku moyo wosatha. Koma kusiyana kwake ndiko kofunika kwambiri. Mu Genesis njoka siiba kanthu. Cida cake ndi mau. Iyamba ndi funso lopotoza pang'ono lamulo la Mulungu, kenaka ikana kuti cilango cidzabwera, ndipo pomaliza ipangitsa mkaziyo kukayika za ubwino wa Mulungu mwini. Otambasula dzanja ndi kudya ndi anthu eni ake. Imfa siibwera kamba ka tulo kapena tsoka, koma kamba ka kusamvera. Ndiponso njokayo siipindula. M'malo molandira unyamata wosatha, itembereredwa kuyenda ndi pamimba ndi kudya fumbi.

M'Cihebri muli kusewera kwa mau kumene sikumveka m'Cinyanja. Vesi lomaliza la caputala 2 linena kuti mwamuna ndi mkazi anali amalisece, ndipo liu lake ndi arumim. Vesi lotsatira linena kuti njoka inali yocenjera, ndipo liu lake ndi arum. Anthuwo anafuna kucenjera kwa njoka, koma maso ao atatseguka cimene anazindikira ndi umalisece wao. Liu lomweli la arum m'buku la Miyambo limagwiritsidwa nchito poyamikira munthu wanzeru woona patali. Kucenjera pakokha sikoipa, ndipo Yesu pa Mateyu 10:16 analangiza ophunzira ake kuti atengere kucenjera kwa njoka pamodzi ndi kufatsa kwa nkhunda.

Ndi bwino kudziwa kuti Genesis 3 sachula dzina la Satana. Njokayo ifotokozedwa monga imodzi ya nyama za m'thengo zimene Mulungu analenga. Malemba a m'tsogolo ndiwo amene amalumikiza ziwirizi momveka bwino, maka-maka Civumbulutso 12:9 ndi 20:2, pamene cinjoka cacikulu cichedwa njoka yakale ija, Mdierekezi ndi Satana. Mpingo wakhala ukuwerenga Genesis 3 mwa kuunika kwa mavesi amenewa. Kulakwa kumabwera pamene titenga tanthauzo limeneli ndi kuliika pa njoka iliyonse ya m'Baibulo, kapena pa njoka iliyonse yolowa m'khola la nkhuku.

Aigupto: njoka yoononga ndi njoka yoteteza

Aisrayeli anakhala nthawi yaitali pakati pa anthu amene anali kuopa njoka ndi kuilemekeza nthawi imodzi. Anthu a ku Aigupto anali kukhulupirira kuti mulungu wao wa dzuwa, Ra, amayenda m'ngalawa usiku wonse kudutsa dziko la akufa. Usiku uliwonse cinjoka cochedwa Apepi cinali kumudikira kuti cimeze ngalawayo ndi kubweza dziko ku mdima ndi cisokonezo. Dzuwa likaturuka m'mawa, ndiye kuti Apepi wagonjetsedwanso. Ansembe anali kuumba tizifaniziro ta cinjokaco ndi phula, kutilavulira, kutiponda ndi kutitentha, pofuna kuthandiza Ra pa nkhondo yake.

Koma m'zithunzi za ngalawa yomweyo timaona njoka ina, Meheni, itazinga Ra kumuteteza. Ndipo pamphumi pa Farao panali cifaniziro ca njoka yoimika mutu ndi kutukumula khosi, yoimira mulungu wamkazi Wajeti, yokonzeka kulavulira moto adani a mfumu. Ioneka bwino pa cigoba cagolide ca Tutankamuni, amene manda ake anapezeka mu 1922. Maganizo ake ngosavuta kumva. Cinthu coopsa cikakhala kumbali yako, ndico mlonda wabwino koposa.

Izi zitithandiza kumvetsa Eksodo 7. Pamene ndodo ya Aroni inasanduka njoka pamaso pa Farao nimeza ndodo za amatsenga ake, sicinali cozizwitsa cosankhidwa mwangozi. Cinacitika pamaso pa mfumu imene cizindikiro ca ufumu wake cinali njoka. Apa njoka siimira Satana. Ndi cida m'dzanja la mtumiki wa Mulungu, ndipo uthenga wake ndi wakuti mphamvu imene Farao adalira ingathe kumezedwa.

Ndodo ya Asikelepiyo ndi cizindikiro ca zipatala

Njoka ya pa ambulansi inacokera ku Girisi. Agiriki anali ndi mulungu wa maciritso dzina lake Asikelepiyo, mwana wa Apolo, amene anali kujambulidwa monga munthu wandevu wotsamira ndodo yozengedwa ndi njoka imodzi. Nthano ina imati analandira magazi a Medusa, cilombo cimene tsitsi lake linali njoka. Magazi a mbali ya kumanzere anali kupha, ndipo a kumanja anali kuciritsa, ngakhale kuukitsa akufa. Pamene anayamba kuukitsa anthu, Zeu, mkulu wa milungu, anamukantha ndi mphezi kamba kodumpha malire a pakati pa anthu ndi milungu. Cinenero cao cinali ndi ganizo lomwelo, pakuti liu lakuti farimakoni linali kutanthauza mankhwala ociritsa komanso mankhwala akupha.

Kacisi wake wochuka anali ku Epidauro. Wodwala akafika anali kusamba, kupereka nsembe, ndi kugona usiku m'cipinda capadera, kuyembekeza kuti mulunguyo abwera m'maloto kudzamuciritsa kapena kumuuza cocita. Pamalopo panali kusungidwa njoka zopanda ululu. Ociritsidwa anali kusiya umboni, ndipo nkhani zao zinazokotedwa pa miyala zaka zoposa 300 Kristu asanabadwe. Imodzi isimba za munthu wa cilonda coopsa pa cala ca kuphazi, amene njoka inamunyambita ali m'tulo, nadzuka atacira. Mu 293 Kristu asanabadwe mliri unagwa ku Roma, ndipo akulu a mzindawo anatumiza nthumwi ku Epidauro. Aroma anali kusimba kuti njoka ya m'kacisi inakwera yokha m'ngalawa, ndipo atafika inatsikira pa kacilumba ka mumtsinje wa Tiberi. Anamanga kacisi pamenepo, ndipo mpaka lero pa cilumbaco pali cipatala.

Ndodo imeneyi ndiyo ili pakati pa cizindikiro ca bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO, komanso pakati pa nyenyezi yobiriwira ngati thambo ya nsonga zisanu ndi imodzi imene timaona pa maambulansi. Pali cizindikiro cina cimene anthu amacisokoneza naco, ndipo kusiyanitsa kwake nkosavuta. Ndodo ya Asikelepiyo ili ndi njoka imodzi, ilibe mapiko. Ikakhala ndi njoka ziwiri zoyang'anana ndi mapiko pamwamba, ndiye kuti ndi ndodo ya Herme, mthenga wa milungu ndi mulungu wa amalonda, yemwe uja amene anthu a ku Lustra anamuyesa Paulo pa Macitidwe 14. Poyamba ndodo ya Herme sinali ya zacipatala. Inafala kwambiri pambuyo pakuti nthambi ya zaumoyo ya asilikali a ku Amerika inaisankha mu 1902.

Codabwitsa ndi cakuti ganizo lakale lija, lakuti copweteka ndico ciciritsa, linapezeka kukhala ndi coonadi cina. Mankhwala a wolumidwa ndi njoka amapangidwa ndi ululu womwewo. Akatswiri amabaya kavalo ululu pang'ono-pang'ono mpaka magazi ake atapanga zoulimbana nazo, kenaka amatenga zimenezo m'magaziwo ndi kuziyeretsa. Njira imeneyi anaiyambitsa Albert Calmette wa ku Faransa m'zaka za m'ma 1890. N'cifukwa cake wolumidwa ayenera kuthamangitsidwa kucipatala, osati kutemedwa mphini pa balalo kapena kumangidwa cingwe cothina, zimene zimangoonjezera kuonongeka kwa mnofu.

Njoka yamkuwa: cizindikiro cimodzi, nthawi zitatu

Nkhani imene ionetsa bwino koposa mmene tanthauzo la njoka limasinthira ndi ya njoka yamkuwa, cifukwa Baibulo liibweza katatu, ndipo nthawi iliyonse iimira cina.

Nthawi yoyamba ndi pa Numeri 21:4-9. Aisrayeli anacoka ku phiri la Hori, ndipo anayenera kuzungulira dziko la Edomu m'malo modutsamo. Analema ndi ulendo, nayamba kunenera Mulungu ndi Mose zoipa, kudandaula za madzi ndi kunyoza cakudya cimene anali kupatsidwa. Mulungu anatumiza njoka zamoto, ndipo anthu ambiri anafa. Liu la Cihebri lomasuliridwa kuti zamoto licokera ku liu lotanthauza kutentha, ndipo ambiri amalimva kuti likunena za ululu wootca ngati moto. Anthu anavomereza chimo lao napempha Mose kuti apemphere kuti njokazo zicotsedwe.

Apa tiyenera kuwerenga mosamala. Nkhaniyo sinena kuti njoka zinacotsedwa. Cimene Mulungu anapereka ndi njira yopulumukira kwa amene walumidwa kale. Mose anasula njoka yamkuwa naikweza pa mtengo, ndipo wolumidwa akaiyang'ana anakhala ndi moyo. Panalibe kudzola, kumwa kapena kukhudza. Munthuyo anayenera kukweza maso ndi kupenya cifaniziro ca cinthu comwe cinali kumupha, cimenenso cinali cikumbutso ca chimo lake. M'Cihebri mau akuti njoka yamkuwa ndi nahash nehoshet, mau awiri omveka ngati mapasa.

Ofukula zakale apeza tinjoka tamkuwa m'malo opembedzera angapo a ku Kanani. Kodziwika kwambiri kanapezeka mu 1969 ku Timna, dera la migodi yakale ya mkuwa kum'mwera kwa Israyeli. Ndi kotalika pafupi-fupi masentimita 12, ndipo mutu wake ngwokutidwa ndi golide. Aka si njoka ya Mose, ndipo sitiyenera kunena kuti ndi umboni wa Numeri 21. Cimene kationetsa ndi cakuti anthu oyandikana ndi Israyeli anali kale ndi njoka zamkuwa m'mapembedzedwe ao, ndipo zimenezi zitithandiza kumvetsa cimene cinacitika pambuyo pake.

Nthawi yaciwiri ndi pa 2 Mafumu 18:4. Papita zaka mazana ambiri, ndipo njoka ija ikalipo. Tsopano anthu akuifukizira zonunkhira, ndipo ili ndi dzina, Nehusitani, lomveka ngati njoka komanso ngati mkuwa. Mfumu Hezekiya, imene inalamulira Yuda zaka pafupi-fupi 700 Kristu asanabadwe, inaiphwanya pamodzi ndi misanje ndi zoimiritsa za mafano, ndipo wolemba bukulo aiyamikira kamba ka zimenezo. Cinthuco sicinasinthe. Ndi mkuwa womwewo umene Mose anasula molamulidwa ndi Mulungu. Cinasintha ndi ici: m'cipululu anthu anali kuiyang'ana pomvera Mulungu wociritsa, koma m'masiku a Hezekiya anali kuyembekeza mphamvu kucokera kwa iyo mwini. Cizindikiro cake cooneka ndi maso cinali zofukiza zija. Pamene cinthu colozera kwa Mulungu ciyamba kulandira ulemu woyenera Mulungu, casanduka fano, ngakhale ciyambi cake cikhale coyera.

Nthawi yacitatu ndi pa Yohane 3:14-15, m'kukambirana kwa Yesu ndi Nikodemo. Yesu ayerekeza kukwezedwa kwa Mwana wa munthu ndi kukwezedwa kwa njoka ija, kuti wokhulupirira akhale ndi moyo wosatha. Mu Uthenga wa Yohane liu lakuti kukwezedwa liri ndi mbali ziwiri: kupacikidwa pa mtanda ndi kulemekezedwa. Kufanana kwake sikuli pakuti Kristu ali ngati njoka m'makhalidwe, koma pakuti cida ca imfa ndico cikhala malo opezera moyo, ndipo colandirira ndi kuyang'ana mwa cikhulupiriro. Akulu a nthawi ya Kukonzanso Mpingo anakonda cithunzi cimeneci. Filipo Melankitoni, mnzake wa Marteni Lutera, anasankha njoka yozenga mtanda kukhala cidindo cake, ndipo wojambula Lukasi Kranaki anaika njoka yamkuwa m'zithunzi zake za mu 1529 zosiyanitsa Cilamulo ndi Cisomo.

Njoka za madzi za kwathu kuno

M'nthano za kuno kwathu njoka zikulu-zikulu zimayenda kwambiri ndi madzi, ndipo nazonso zili ndi nkhope ziwiri. Atonga a m'cigwa ca Zambezi amasimba za Nyaminyami, wa mutu wa nsomba ndi thupi la njoka, amene anali kusamala anthu ake pa nthawi ya njala. Pamene damu la Kariba linali kumangidwa, kuyambira 1955 mpaka 1959, anthu pafupi-fupi 57,000 anasamutsidwa m'midzi yao. Madzi osefukira a mu 1957 ndi 1958 anaononga kwambiri nchito yomangayo, ndipo ambiri anati ndi mkwiyo wa Nyaminyami. Wodyetsa ndi woononga anali mmodzi yemweyo.

Pakati pa Acewa, kacisi wa mvula wa ku Msinja, m'dera la mapiri a Dzalanyama ku Malawi, anali m'manja mwa Makewana, ndipo mzimu wochedwa Thunga unali kudziwika m'maonekedwe a njoka, wolumikizidwa ndi mvula ndi kubereka kwa nthaka. Komanso ku Malawi komweko, madzi akagumula phiri ndi kukokolola midzi, anthu amati wadutsa Napolo, cinjoka ca pansi pa phiri cimene cikusamukira kunyanja. Mvula ndi moyo, koma ikapyola muyeso ndi imfa, ndipo njoka inakhala cithunzi coyenera ca zonse ziwiri.

Mmene tingazindikirire tanthauzo lake

Tikakumana ndi njoka m'nthano, m'cithunzi kapena m'Malemba, mafunso atatu angatithandize. Loyamba, kodi ikucita ciani? Yoluma, yomeza kapena yonyenga ndi mau ili kumbali ya ululu. Yofundula, yonyambita cilonda kapena yozenga ndodo ili kumbali ya maciritso ndi moyo watsopano. Laciwiri, kodi ili kumbali ya yani? Apepi ndi Meheni onse ndi njoka, koma wina aukira ngalawa, wina aiteteza. Lacitatu, kodi anthu akucita nayo ciani? Kuyang'ana njoka yamkuwa kunapulumutsa, koma kuifukizira kunali kupembedza fano.

Macitidwe 28 ationetsa ngozi yoweruza mofulumira. Paulo atapulumuka ngalawa itasweka pa cilumba ca Melita, anatola nkhuni naziika pamoto, ndipo njoka inaturuka kamba ka kutentha niluma dzanja lake. Eni cilumbaco anati munthuyu ndi wakupha anthu, cilango camupeza. Atadikira nthawi yaitali osaona kutupa kapena kugwa, anatembenuka nati ndi mulungu. M'kanthawi kocepa anawerenga njoka imodzi m'njira zonse ziwiri zakale zija, ya temberero ndi ya umulungu, ndipo pa zonse ziwiri analakwa. Wolemba bukulo atiuza cabe kuti inali njoka yothawa moto, ndi kuti Paulo anaikutumulira pamoto osapwetekedwa.